Firiza ya m'shopu ikamadzaza ayisi: hita, taima kapena fani?

Firiza ikayamba kudzaza ayisi kwinaku nyama ikufewa, mawu oyamba amene mumamva m'mabutchala ndi m'magolosale ndi akuti gasi watha. Mwini shopu amaitana amisiri, amathira gasi, ndalama zimapita, firiza imagwira bwino masiku anayi kapena asanu, kenako ayisi uja wabwereranso. Chimene chinathandiza masiku amenewo si gasi ayi. Pothira gasi anazimitsa firiza ndi kuisiya yotsekula, ayisi n'kusungunuka, ndipo firiza inapuma mpaka ayisi wina atadzazanso.

Pano tikunena za firiza zoimirira za m'mashopu, za chitseko chimodzi kapena ziwiri, zimene zili ndi fani mkati, pamodzi ndi zipinda zoziziritsira nyama. Firiza ya bokosi yotsekulira pamwamba ija ndi nkhani ina: ilibe fani mkati, ilibe hita, ndipo ayisi wake mumachita kumusungunula nokha mwa kuizimitsa.

Ayisi amachokera kuti

Mkati mwa firiza, kawirikawiri kumwamba kuseri kwa chivundikiro, muli mapaipi opindikapindika odutsa m'timalata topyapyala tambirimbiri. Dzina lake ndi evapoleta, koma amisiri ambiri amangoti koyilo. M'mapaipimo mumadutsa gasi wozizira kwambiri. Fani imakoka mpweya wa mufiriza, kuudutsitsa pakati pa timalata tija, n'kuuponyanso pa katundu utazizira. Kuti nyama ikhale pa madigiri -18, koyiloyo iyenera kuzizira kuposa pamenepo, mwina pafupi ndi -28.

Tonse timadziwa mmene botolo la chakumwa chozizira limachitira thukuta mukaliika patebulo. Madziwo sachokera m'botolo, ndi chinyezi cha mumpweya chimene chakumana ndi galasi lozizira. Pa koyilo pamachitika zomwezo, kungoti pamenepo n'pozizira kwambiri moti chinyezicho sichikhala madzi, chimauma pomwepo. Nthawi iliyonse imene wogulitsa atsekula chitseko kutengera kasitomala nkhuku, mpweya wofunda wa m'shopu umalowa ndi chinyezi chake, ndipo chonsecho chimakathera pa koyilo. N'chifukwa chake mavutowa amachuluka nthawi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mpweya ukakhala wonyowa.

Choncho firiza iliyonse yabwinobwino imapanga ayisi tsiku ndi tsiku. Funso lofunika ndi lakuti n'chifukwa chiyani ayisiyo sakuchoka. Akapanda kuchoka amachita zinthu ziwiri: amafunda mapaipi ngati bulangete, kuzizira n'kulephera kutuluka, ndiponso amatseka mipata ya pakati pa timalata, mpweya n'kusowa podutsa. Apa m'pamene mumaona chodabwitsa chija, firiza yodzaza ayisi koma soseji zili lende.

Pali chifukwa chimene ngakhale mmisiri amapusitsikira. Koyilo ikatsekeka, gasi wa mkati sapeza kutentha koti atenge, ndipo mphamvu yake pa geji yoyezera gasi wobwerera kuchokera ku koyilo imatsika, ndendende mmene imatsikira gasi akachepa. Woyeza mofulumira amawerenga geji, n'kuthira gasi mu firiza imene inali naye wokwanira kale. Geji imanena zoona pokhapokha koyilo ili yoyera ndipo fani ikuzungulira.

Mmene firiza imadziyeretsera yokha

Ntchito yosungunula ayisi pa koyilo imatchedwa difurositi, ndipo m'firiza zambiri imachitika katatu kapena kanayi patsiku. Taima, yomwe ndi wotchi yolamulira nthawi, imazimitsa kompulesa yopopa gasi pamodzi ndi fani, n'kuyatsa hita. Hitayo ndi kachitsulo kootcha konga ka mu ketulo yamagetsi, kolowetsedwa pansi kapena pakati pa timalata ta koyilo. Ayisi amasungunuka, madzi amagwera m'kathireyi, n'kutsika ndi paipi kupita kunja. Koyilo ikafunda kufika madigiri pakati pa 8 ndi 13, kutengera mtundu wa firiza, kachipangizo komva kutentha kamanena kuti ayisi watha, hita n'kuzima. Ngati kachipangizoko sikanena kanthu, taima imadula yokha pakatha mphindi 30 kapena kuposerapo pang'ono. Kenako kompulesa imayamba, koma fani imadikira kaye mphindi zingapo kuti koyilo izizire ndi kuumitsa timadontho totsala.

Ndi ntchito yolandizana ngati anthu opatsirana njerwa pomanga nyumba. Mmodzi akajomba, njerwa zimaunjikana pamalo ake, ndipo malo amene zaunjikana amakuuzani amene wajomba.

Muyang'ane ayisi musanamusungunule

Cholakwa chimene chimandipweteka kwambiri ine monga mmisiri n'kufika pa shopu n'kupeza mwini wake wazimitsa firiza usiku wonse kuti andithandize. Umboni wonse wapita ndi madzi. Ngati simungathe kudikira chifukwa cha katundu, jambulani koyiloyo ndi foni chivundikiro chitachotsedwa, kenako sungunulani.

Ayisi woyera, wofewa ngati ufa, wofanana pa koyilo yonse kuchokera uku mpaka uko, amasonyeza kuti difurositi siikuchitika n'komwe. Apo mukayikire taima, kapena magetsi opita ku hita. Ayisi wolimba wonga galasi ndi amene anasungunukapo n'kuumanso, ndiye kuti difurositi ikuchitika koma siikumaliza. Akakhala mbali imodzi yokha, hita ya mbali imeneyo yafa. Akakhala pansi, m'kathireyi, mpaka kutsikira pansi pa firiza ngati chimwala, paipi yotulutsa madzi yatsekeka kapena kawaya kootcha ka m'paipimo kapsa. Timadontho touma padenga la firiza ndi pa mapaketi oyandikira fani timanena kuti fani ikuyamba msanga, ikuwaza madzi ndi nthunzi. Ayisi m'mbali mwa chitseko ndi wa labala wong'ambika.

Gasi akachepadi, chithunzi chake n'chosiyana ndi zonsezi: ayisi amagwira pachiyambi pokha pa koyilo, pamene gasi amalowera, mbali yotsalayo n'kukhala yopanda ayisi.

Pochotsa ayisi musagwiritse mpeni kapena sikuludiraiva. Mapaipi a koyilo ndi opyapyala, a kopa kapena aluminiyamu, ndipo kubaya kamodzi kokha kumasandutsa vuto laling'ono kukhala lalikulu. Firiza zambiri zatsopano zili ndi gasi wa R290, amene amayaka moto. Madzi ofunda ndi kuleza mtima n'zokwanira, pulagi itazulidwa.

Taima: ndani akuwerenga nthawi

Firiza zakale zili ndi taima ya kamota kakang'ono kozunguza gudumu la maola 24, lokhala ndi timisomali tosonyeza nthawi za difurositi. Kuiyesa n'kosavuta. Lembani chizindikiro pa gudumu, mubwere pakatha ola, muone ngati lasuntha. Kenako lizunguzeni pang'onopang'ono ndi dzanja, kutsata muvi wake, mpaka mumve kuti kha. Kompulesa ndi fani ziyenera kuima, hita n'kuyamba kutentha. Ngati mwakankha nokha zonse n'kuyenda bwino, ayisi n'kusungunuka, hita ilibe mlandu. Wolakwa ndi taima imene siikuyenda yokha. Taima ikaima ili mbali yozizira, mumapeza ayisi. Ikaima ili mbali ya difurositi, firiza imangokhala chete n'kufunda.

Pali kamsampha kamene kamagwira ogula zida zochokera kunja. Magetsi a kuno ndi a 230 V pa 50 Hz, pamene ku Amereka ndi 60 Hz. Kamota ka taima kamayenda potsatira nambala yachiwiriyo. Mukaika taima ya 60 Hz kuno, gudumu la maola 24 limatenga pafupifupi maola 29 kuti lizungulire. Firiza imagwira ntchito ndithu, koma nthawi ya difurositi imasunthasuntha tsiku lililonse, mwina n'kugwera pakati pa malonda.

Firiza za masiku ano zili ndi kontolola, kabokosi koonetsa manambala kutsogolo kuja, kamene kamagwira ntchito ya taima ndi ya themositati yolamulira kuzizira pamodzi. Kamamva kutentha kudzera mu masensa awiri, ina ya mpweya wa mufiriza, ina yolowetsedwa m'timalata ta koyilo. Pa Dixell XR60CX, imodzi mwa zofala, zofunika kuziona ndi izi:

```
IdF = 6
MdF = 30
dtE = 8
Fnd = 10
dPO = n
```

`IdF` ndi maola a pakati pa difurositi ina ndi inzake, `MdF` ndi mphindi zimene difurositi siingapitirire, `dtE` ndi madigiri amene koyilo ikafika hita imazima, ndipo `Fnd` ndi mphindi zimene fani imadikira. Womaliza uja, `dPO`, ndi wofunika kwambiri kumene magetsi amazimazima. Akakhala pa `n`, kontolola ikayaka imayamba kuwerenga maola 6 kuchokera pachiyambi. Tsono taganizirani tsiku limene magetsi ayaka maola anayi, azima, muyatsa jenereta maola atatu, muizimitsa, magetsi abwera. Kusintha kulikonse kontolola ikuyambiranso, ndipo maola 6 aja sakukwana. Firiza ilibe chowonongeka chilichonse, koma ikhoza kutha nthawi yaitali osasungunula. Kuika `dPO` pa `y` kumachititsa difurositi magetsi akangobwera. Nako kuli ndi mtengo wake: katundu amene wafunda kale ndi kuzima kwa magetsi amadikiranso mphindi zina kompulesa isanayambe. Ena amasankha kufupikitsa `IdF` m'malo mwake. Zimatengera mmene magetsi a dera lanu amachitira ndi mtundu wa katundu amene mumasunga.

Sensa ya pa koyilo ikhoza kunama osafa. Ikafa kotheratu, kontolola imaonetsa `P2`, ndipo aliyense amadziwa. Koma ikasololoka pamalo pake n'kutsamira hita, imamva kutentha m'mphindi zochepa, n'kudula difurositi ayisi asanayambe n'komwe kusungunuka. Malo ake oyenera ndi pamene ayisi amathera kusungunuka, kutali ndi hita. Masensa ambiri a mtunduwu amawerenga 10 kΩ pa madigiri 25, ndi pafupifupi 27 kΩ mukawaviika m'kapu ya madzi osakaniza ndi ayisi. Nambala ikapatuka kwambiri, sinthani sensa.

Hita: nkhani ya firiza ina ya m'butchala

Chaka china nthawi ya mvula ndinaitanidwa ku butchala imene inali ndi firiza ya zitseko ziwiri. Inali itathiridwa gasi kawiri m'mwezi umodzi. Mwini wake anali atatopa nayo. Anati, "Amisiri, mungondiuza ngati ndi yotaya, ndisamangotaya ndalama." Ndinawapempha kuti asaizimitse mpaka nditafika.

Titachotsa chivundikiro, kumanzere kwa koyilo kunali koyera, timalata tikuoneka, koma kumanja kunali chimwala cha ayisi wonga galasi, chimene chinali chitakula mpaka kukhudza mapiko a fani ya mbali imeneyo. Chithunzi chimenecho chinachotseratu mlandu pa taima, chifukwa mbali yoyerayo inali umboni woti difurositi ikuchitika.

Ndinasindikiza batani la difurositi pa kontolola kwa masekondi angapo, kompulesa ndi mafani zinaima, ndipo ndinapanitsa mita ya kalenti pa waya wopita ku mahita. Firizayo inali ndi mahita awiri, iliyonse ya mawati 400. Masamu ake ndi ochepa: mawati 400 kugawa ndi mavoti 230 ndi maampu 1.7 pa hita imodzi, ndiye awiriwo ayenera kukoka pafupifupi 3.5. Mita inaonetsa 1.7. Hita imodzi yokha ndi imene inali moyo.

Mmisiri wam'mbuyo anali atayesa mahitawo n'kunena kuti ali bwino, ndipo sananame dala. Mahita awiriwo amalumikizidwa pa mawaya amodzi. Mukaika mita pa mawayawo osalekanitsa, imalira chifukwa magetsi akudutsa mu hita yamoyo ija. Muyenera kuzula pulagi, kumasula hita iliyonse payokha, n'kuwerenga maomu. Hita ya mawati 400 pa mavoti 230 iyenera kuonetsa pafupifupi maomu 132, kuchokera pa 230 kuchulukitsa ndi 230 n'kugawa ndi 400. Yakumanzere inaonetsa pafupi ndi pamenepo. Yakumanja mita inangoti `OL`, kutanthauza kuti waya wa mkati unaduka. Ndi bwinonso kuyesa pakati pa waya wa hita ndi chitsulo chake chakunja. Pakakhala njira ya magetsi pamenepo, madzi alowa, ndipo hita yotero imagwetsa bureka nthawi ya difurositi yokha, mwina pakati pa usiku, anthu n'kumadabwa m'mawa.

Chimene chinakulitsa vuto n'chakuti sensa ya koyilo inali kumanzere, mbali ya hita yamoyo. Mbali imeneyo ikafunda kufika madigiri 8, kontolola inkadula difurositi pakangotha mphindi 12, ikukhulupirira kuti ntchito yatha. Kumanja, kutentha kochepa kofika kuchokera kumanzere kunkangonyowetsa ayisi pamwamba, iye n'kuumanso molimba kuposa kale. Kanayi patsiku, chimwala chija chinkakula.

Tinasungunula koyilo yonse ndi madzi ofunda mpaka kuwala kwa tochi kukudutsa pakati pa timalata, chifukwa hita yatsopano siingathe kugonjetsa chimwala chakale m'mphindi 30. Tinaika hita ya mawati ndi kutalika kofanana ndi yakufayo, tinathira madzi m'kathireyi kuona ngati akutuluka, ndipo titayatsa n'kuyeza koyilo ili yoyera, zinaoneka kuti gasi wachuluka, tinachita kumuchepetsa kufika mlingo wolembedwa pa chikwangwani cha firiza.

Chinthu china chimene chimapusitsa pa mahita ndi kabatani kozungulira komamatira pa paipi ya koyilo, kamene amisiri amati kilikisoni. Kamalola magetsi kupita ku hita kakakhala kozizira, n'kudula kakafunda. Mukakayesa kali m'manja mwanu kapena firiza itasungunuka kale, mita idzaonetsa kuti n'koduka, ndipo n'zoyenera. Kayeseni kali kozizira. Kakakhala koduka koyilo ili ndi ayisi, ndiye kafa, ndipo hita yabwinobwino siidzalandira magetsi.

Fani: woyambitsa kapena wovulala

Pa fani muyenera kufunsa chimene chinayamba, chifukwa vuto limayenda mbali zonse ziwiri. Fani ikafa, mpweya wofunda sufika pa koyilo, koyilo imazizira mopitirira, kompulesa siipuma chifukwa firiza siikufika pa mlingo wake, ndipo ayisi amayenda ndi paipi yaikulu yobwerera mpaka kukafika pa kompulesa. Chimenecho ndi choopsa, chifukwa gasi akubwerera akadali wamadzi, ndipo kompulesa siinapangidwire kupopa zamadzi. Koma nthawi zambiri fani imakhala wovulala: ayisi wa vuto lina wakula, wagwira mapiko, mota yalimbana mpaka kupsa. Kusintha mota yokha pamenepo n'kugula ina yoti idzapsenso. Phokoso la tcheketetcheke kuseri kwa chivundikiro ndi chenjezo loti mapiko ayamba kukhudza ayisi.

Musafulumire kuweruza fani yoima. Imaima nthawi ya difurositi, imaima mphindi zodikira zija, ndipo m'firiza zambiri imaima chitseko chikatsekulidwa. Kanikizani kaswitchi ka pachitseko ndi chala muone ngati iyamba. Kaswitchi kameneka kakafa, kapena chitseko chikagwa pang'ono moti sichikukakankha, fani imakhala yozima tsiku lonse ili yabwinobwino. Pulagi itazulidwa, kankhani mapiko ndi chala: ayenera kuzungulira mofewa kangapo. Akalimba kapena kugwedera, mabeyaringi atha. Akakhala ofewa, magetsi akufika koma mota siikuyenda, yapsa. Magetsi akapanda kufika, bwererani ku kaswitchi, kilikisoni yochedwetsa fani, kapena kontolola.

Fani yozungulira nayo ikhoza kukhala yolakwa. Mota yofooka imazungulira pang'onopang'ono, ndipo mota yatsopano ya mawati ochepa, kapena mapiko oikidwa chagada, zimapereka mphepo yosakwanira. Ikani kapepala patsogolo pa malo olowera mpweya, kayenera kukokedwa n'kumamatira. Ndipo makatoni a nkhuku opanikizidwa mpaka kudenga amachita ntchito yofanana ndi fani yakufa. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kutsogolo kwa fani.

Zonse zikakhala bwino koma ayisi akubwerabe

Difurositi inapangidwira chinyezi cha mlingo wake. Labala wa chitseko akang'ambika, mpweya umalowa usana ndi usiku, ndipo hita ndi taima zabwino zimagonja. Tsekerani pepala pachitseko n'kulikoka, kumwamba, m'mbali ndi pansi. Pamene likusololoka osakana, pamenepo mpweya ukulowa. Nyama yongophedwa kumene ikadali yofunda, mafirizesi osamanga bwino, ndi chitseko chosiyidwa chotsekula popakira katundu, zonsezi zimathira madzi pa koyilo. Paipi yotulutsa madzi nayo ikhoza kukhala khomo la mpweya ngati ilibe kamphindi kosunga madzi kumapeto kwake.

Kuchulukitsa difurositi kumabisa vuto lotere kwa kanthawi, koma kuli ndi malire. Nthawi iliyonse imene hita yayaka, kutentha kwake kumatsala mufiriza, kompulesa n'kugwira ntchito yokutulutsa, mayunitsi n'kumapita. Difurositi yotalika kwambiri imatulutsa nthunzi imene imakauma padenga, ndipo katundu wofundafunda n'kuumanso amayamba kuchita ayisi m'kati mwa mapaketi. Ngati firiza ikufuna difurositi kuposa kanayi kapena kasanu patsiku kuti ikhale yoyera, yang'anani labala ndi chitseko musanakhudzenso manambala.

Kuona ayisi, kuyesa labala, kusuntha makatoni ndi kumvetsera fani, mwini shopu angachite yekha. Kuyeza maampu firiza ili yoyaka, pamalo onyowa, ndi kwa mmisiri. Ndipo akamaliza kukonza musamulole kuchoka atangoona kuti firiza yayamba kuzizira, chifukwa koyilo yongosungunulidwa kumene imazizira bwino ngakhale vuto likadalipo. Ayendetse difurositi imodzi yathunthu inu muli pompo: kompulesa ndi fani ziime, mita ionetse maampu oyenera, madzi atuluke kunja, hita izime chifukwa cha sensa mphindi 30 zisanakwane, kompulesa iyambe, fani itsatire pambuyo. Pakatha sabata, chotsaninso chivundikiro difurositi itangotha, muunike ndi tochi pakati pa timalata kuchokera mbali ina kufika inzake.